Ayironi kondo: kamangidwe kake, malire a ndalama yoluza ndi nthawi yotuluka

Funso: Pali sheya yomwe ndimaitsatira, yatha miyezi itatu ikungoyenda pakati pa madola 93 ndi 107. Ndamva kuti ndi ayironi kondo munthu amapindula mtengo ukakhala sukupita kutali, komanso amadziwiratu ndalama yomwe angaluze zikavuta. Ndiimange bwanji, nanga ndituluke liti? Malire a kuluzawo ndi enienidi?

Yankho: Malirewo ndi enieni, koma amagwira pokhapokha miyendo yonse inayi ya kondoyo, ndiko kuti maopushoni anayi omwe amaipanga, ikadali m'manja mwanu. Ukangochoka mwendo umodzi wokutchingani, kaya mwauchotsa nokha kaya wafa wokha pa tsiku lotha pangano, malire aja amapita nawo. Ambiri omwe ndawaona akulira ndi kondo sanalakwitse pomanga. Analakwitsa poisunga mpaka tsiku lomaliza, kapena potenga zambiri pakamodzi chifukwa ndalama yoluza inkaoneka yochepa papepala. Tiyeni timange imodzi pa sheya yanuyo, tiitsatire mpaka titulukemo.

Tiyerekeze kuti lero sheyayo ili pa madola 100, ndipo tasankha maopushoni otha pakapita masiku 45. Opushoni ya puti ndi ufulu wogulitsa sheya pa mtengo womwe mwagwirizana, ya kolo ndi ufulu wogula. Mtengo wogwirizanawo amautchula sitiraiki. Mukagulitsa opushoni mumalandira pulimiyamu, monga kampani ya inshuwalansi, ndipo mumasenza udindo: wogulayo akafuna kugwiritsa ntchito ufulu wake, inu simungakane. Mu kondo mumagulitsa maopushoni awiri, ina pansi pa mtengo wa lero, ina pamwamba. Kenako mumagula ena awiri akutali kuposa amenewo kuti akutchingeni. Akutaliwo ndi omwe timawatcha mapiko. Pa sikirini oda yake imaoneka motere:

```
BUY   1  PUT    85   0.55
SELL  1  PUT    90   1.15
SELL  1  CALL  110   1.10
BUY   1  CALL  115   0.50
NET CREDIT           1.20
```

Mitengoyi ndi yoyerekezera, koma ndi yomwe mungayembekezere pa sheya yomwe msika ukuiwerengera kugwedezeka kwa 30 peresenti pachaka. Mbali yapansi mwalandira 1.15 ndi kulipira 0.55, kutsala 0.60. Mbali yapamwamba mwalandira 1.10 ndi kulipira 0.50, kutsalanso 0.60. Zonse pamodzi ndi 1.20 pa sheya imodzi. Pa misika ya ku America kontirakiti imodzi imaimira masheya 100, ndiye kuti m'akaunti mwanu mwalowa madola 120. Phindu lanu lonse ndi limenelo. Silingapose pamenepo ngakhale msika utagona tulo masiku onse 45.

Nanga yoluza? Pakati pa 110 ndi 115 pali madola 5, pakati pa 90 ndi 85 palinso madola 5. Sheya ikathera pa 115 kapena kupitirira, kolo yomwe munagulitsa imakudyani, koma yomwe munagula imayamba kukubwezerani kuchokera pa 115 kupita m'mwamba, dola pa dola. Choncho chomwe mungalipire sichiposa madola 5 pa sheya, kaya mtengo wafika 116 kaya 160. Chotsanipo 1.20 yomwe munalandira, kutsala 3.80. Pa kontirakiti ndi madola 380. Mbali yapansi ndi chimodzimodzi. Ndipo poti sheya singathere pamwamba ndi pansi nthawi imodzi, simuwerengera 380 kawiri. Buloka wanu nayenso amatsekera ndalama yomweyo ngati chikole mpaka mutatuluka.

```
kuluza kwakukulu = (5.00 - 1.20) x 100 = 380
malire apansi    =  90 - 1.20 =  88.80
malire apamwamba = 110 + 1.20 = 111.20
```

Pa tsiku lotha, sheya ikakhala pakati pa 90 ndi 110 mumasunga 120 yonse. Ikakhala pa 88.80 kapena 111.20 simupindula, simuluza. Chenjerani ndi mapiko osafanana: mukaika mpata wa madola 5 pansi ndi 10 pamwamba, kuluza kwanu kumawerengedwa pa mpata waukuluwo.

Mwina mukudabwa kuti bwanji ndasankha 90 ndi 110, pamene inu mwaona 93 ndi 107. Sheya yoyenda pakati pa 93 ndi 107 imawakhudza malire amenewo kawirikawiri, ndi chifukwa chake mwawaona. Mukaika masitiraiki anu pomwepo, mudzakhala ndi nkhawa sabata iliyonse. Muwaike kunja kwa malirewo. Koma tchati chimangonena za kumbuyo, ndiye ndimafunsanso msika wa maopushoni kuti ukuyembekezera chiyani. Pa sikirini pali nambala yolembedwa `IV`, yomwe ndi kugwedezeka komwe msika waika m'mitengo ya maopushoni. Ikakhala 30 peresenti, mayendedwe oyembekezeka m'masiku 45 mumawapeza motere:

```
100 x 0.30 x sqrt(45/365) = 10.5
```

Kutanthauza kuti msika ukuona kuti, pafupifupi kawiri pa katatu kalikonse, sheyayo idzathera pakati pa 89.50 ndi 110.50. Masitiraiki athu ali m'mphepete mwenimweni mwa mpata umenewo. Njira yachidule ndi kuyang'ana ndime ya `Delta`: maopushoni omwe tagulitsawa ali ndi delita wa pakati pa 0.15 ndi 0.20, ndipo anthu amaitenga nambalayi ngati chiyerekezo cha mwayi woti opushoniyo ithere m'ndalama, ndiko kuti sheya ikhale pamwamba pa sitiraiki ya kolo kapena pansi pa sitiraiki ya puti pa tsiku lotha. Si yeniyeni ndendende, koma imathandiza.

Apa ndi pomwe ndikufuna mukhale pansi. Mukulandira 120 poika 380 pachiswe. Mukapambana katatu motsatizana mwapeza 360. Kuluza kumodzi kwathunthu kumafafaniza zonsezo ndi kukutsalirani ngongole ya 20. Kuti mungobweza ndalama yanu, mukamasunga kondo zanu mpaka kumapeto, muyenera kupambana maulendo 76 pa 100 alionse. Msika nawo wati mwayi wothera mkati ndi wa kawiri pa katatu, kuonjezapo maulendo ena omwe sheya imathera kunja pang'ono n'kukulumani pang'ono chabe. Mukaphatikiza zonsezi mupeza kuti masamu ake ali pafupi ndi ziro, musanachotse ndalama za buloka. Si zodabwitsa. Ogulitsa ndi ogula maopushoni onse ali ndi makompyuta, palibe amene akugawa ndalama zaulere.

Ndiye phindu limachokera kuti? Limachokera pamalo amodzi okha: pamene kugwedezeka komwe msika walipiritsa kwaposa kugwedezeka komwe kuchitikedi. Njira yosavuta yoonera izi ndi kugawa `IV` ndi 16. Nambala 16 imabwera chifukwa masiku a malonda pachaka ndi pafupifupi 252, ndipo 16 kuchulukitsa ndi 16 ndi 256. Pa 30 peresenti mupeza 1.9, kutanthauza kuti msika ukulipiritsa ngati sheyayo imasuntha pafupifupi 1.9 peresenti patsiku. Pitani pa tchati muone masiku 20 kapena 30 apitawa. Ngati imasuntha 1.2 peresenti patsiku, mukugulitsa inshuwalansi yodula kuposa ngozi yomwe yakhala ikuoneka, ndipo kondo ili ndi maziko. Ngati imasuntha 2 peresenti patsiku, ngakhale ikubwerera pakati, mukugulitsa motchipa.

Mukapeza kusiyana kwakukulu, musathamange, funsani kaye chifukwa chake. Nthawi zambiri `IV` imakwera chifukwa kampani ili pafupi kulengeza zotsatira za malonda ake, kapena pali chigamulo cha khoti kapena cha boma chomwe chikudikiridwa. Zinthu zotere zimasunthitsa mtengo usiku, msika uli wotseka, ndipo m'mawa sheya imatsegulira kutali osadutsa pamitengo yapakati. Palibe lamulo lotulukira lomwe lingakupulumutseni pamenepo. Ine tsiku lolengeza zotsatira likagwera mkati mwa masiku 45 aja, kondoyo sindiimanga, kapena ndimasankha tsiku lotha lomwe lifike zolengezazo zisanachitike. Pulimiyamu yonona pa sheya yooneka yofatsa ndi chikomekome cha mkuyu.

Poika oda, miyendo inayi ipite pamodzi ngati oda imodzi. Mapulogalamu ambiri a mabuloka ali ndi posankha polembedwa `Iron Condor`. Musayambe ndi kugulitsa awiri amkati n'kumati mapiko mugula mtengo ukatsika. Pa mphindi zimenezo muli ndi kolo yopanda chotchinga, ndipo kuluza kwake kulibe denga. Gwiritsani ntchito `Limit`, oda yomwe mumatchula nokha mtengo, osati `Market`, yomwe imatenga mtengo uliwonse womwe ulipo. Yambani pa mtengo wapakati pa `Bid`, womwe ogula akupereka, ndi `Ask`, womwe ogulitsa akufuna, mudikire pang'ono, ikakana tsitsani ndi 0.02 kapena 0.03. Ngati mpata wa `Bid` ndi `Ask` pa opushoni ya 0.50 uli 0.20, sheya imeneyo ilibe ogula ndi ogulitsa okwanira, ndipo tsiku lomwe mudzafune kuthawa mudzalipira chodula. Isiyeni.

Kuchuluka kwa makontirakiti kuwerengereni pa 380, osati pa ndalama yomwe mukuganiza kuti mudzatulukira zikavuta. Akaunti ya madola 20,000 yomwe mwaiikira lamulo loti malonda amodzi asadye zoposa 2 peresenti imalola madola 400. Ndiye kuti kontirakiti imodzi basi. Zimaoneka zochepa, ndikudziwa, ndipo buloka angakuloleni makumi angapo. Kumbukiraninso kuti kondo zisanu pa masheya asanu osiyana si ngozi zisanu zosiyana. Msika wonse ukagwa, zonse zimagwera mbali imodzi. Mu 2020, S&P 500, yomwe ndi muyeso wa masheya a makampani akuluakulu a ku America, inatsika pafupifupi 34 peresenti kuchokera pa 19 Febuluwale kufika pa 23 Malichi, ndipo pa 16 Malichi pokha inagwa pafupifupi 12 peresenti. Munthu yemwe anali ndi kondo khumi nthawi imeneyo anali pachiswe choluza kwathunthu pa zonse khumi pakamodzi.

Tsopano za kutuluka. Kutuluka mu kondo ndi kuigulanso. Munaigulitsa pa 1.20, ndiye mukaigulanso motsika mwapindula, mukaigula mokwera mwaluza. Ndimalemba zitseko zitatu ndisanalowe: cha phindu, cha kuluza ndi cha nthawi. Chomwe chayamba kutseguka ndi chomwe ndimatulukira.

Cha phindu ndi theka la pulimiyamu. Oda yolowera ikangodutsa, ndimaika nthawi yomweyo oda yogulanso pa 0.60, yokhala ndi chizindikiro cha `GTC` kuti ikhale mpaka itakwaniritsidwa. Tinene kuti papita masiku 20, sheya ili pa 101, ndipo `IV` yatsika kufika 27. Kondo yathu ikhala pafupi ndi 0.60 kapena kutsikirapo. Mwapeza madola 60. Munthu amafunsa kuti bwanji osadikira enawo. Taonani momwe zinthu zasinthira. Pa tsiku loyamba munaika 380 pachiswe kuti mupeze 120. Tsopano mukakhalabe, chomwe chatsala kupeza ndi 60, pamene chomwe mungataye ndi 380 kuonjezapo 60 yomwe ili kale m'manja, yonse 440, ndipo muyenera kudikira masiku ena 25. Mukanapatsidwa malonda otere ngati atsopano simukanawalandira.

Koma musaiwale zodula. Miyendo inayi polowa ndi inayi potuluka ndi makontirakiti asanu ndi atatu. Buloka akamalipiritsa 0.65 pa kontirakiti, ndi madola 5.20. Mukataya 0.05 polowa ndi 0.05 potuluka chifukwa cha mpata wa mitengo, ndi madola 10 ena. Pa phindu la 60, gawo limodzi mwa magawo anayi lapita. Ichi ndi chifukwa chake kondo zopapatiza kwambiri, za mapiko a dola imodzi zolandira 0.25, sindiziona ngati malonda. Zimadyetsa buloka.

Chitseko cha kuluza ndi chomwe anthu amakopera kwa ena osachiyeza pa kondo yawo. Lamulo lofala limati tulukani mukaluza kawiri pulimiyamu yomwe munalandira. Pa ife ndiye kuti kuluza 240, kugulanso pa 3.60. Tiyeni tione kuti sheya iyenera kufika pati kuti kondo yathu idule 3.60. Tinene papita masiku 15, kwatsala 30, ndipo sheya yakwera kufika 109. Kolo ya 110 ili pafupi ndi 3.30, ya 115 ili pafupi ndi 1.55, ndipo mbali ya puti yatsala 0.08 chabe. Kondo yonse ili pafupi ndi 1.80. Mwaluza 60 yokha, ngakhale mtima ukugunda. Sheya ikafika 112 kapena 113, kondo ifika 2.40 mpaka 2.50. Kuti ifike 3.60 pa nthawi imeneyo, sheya iyenera kukhala pafupi ndi 118 kapena 119, itadutsa kale phiko lanu. Pamenepo mukupulumutsa 140 yokha pa 380, ndipo mwina mukutuluka pomwe kukhala kukanakhala bwino, poti choti mutaye chatsala chochepa pamene mwayi wobwerera ulipo. Lamulo la kawirili limagwira bwino pa kondo za mapiko otalikirana kwambiri kapena malonda opanda mapiko. Pa mapiko a madola 5 ndi pulimiyamu ya 1.20, limabwera nyumba itapsa kale.

Ine pa kondo ngati iyi ndimatuluka mtengo wogulanso ukafika 2.40, ndiko kuti ndaluza 120, ndalama yofanana ndi yomwe ndinalandira. Ndimatulukanso sheya ikatseka tsiku ili kunja kwa sitiraiki yomwe ndinagulitsa, ngakhale 2.40 isanakwane. Chifukwa chake n'chakuti ndinalowa pokhulupirira kuti sheya ikhala m'malire ake. Ikatseka pa 111, itadutsa 107 yanu ija ndi 110 yanga, chikhulupiriro chija chatha, ndipo palibe chondisungira.

Lamulo limeneli lili ndi mtengo wake, ndipo ndisakubisireni. Mwayi woti sheya ikhudze sitiraiki nthawi ina iliyonse masikuwo asanathe ndi pafupifupi kawiri mwayi woti ithere kunja kwake. Pa delita wa 0.18, ndiye kuti mbali iliyonse idzakhudzidwa pafupifupi kamodzi pa katatu. Mudzatuluka ndi kuluza, kenako sheya idzabwerera pakati, n'kuona kuti mukanapirira mukanapindula. Zidzachitika kangapo. Werengeraninso masamu: mukamapindula 60 ndi kuluza 120, muyenera kupambana kawiri pa katatu kuti mungofika pa ziro. Ndi lamulo la kawiri lija, 60 ndi 240, muyenera kupambana 80 pa 100. Malamulo otulukira sapanga phindu pomwe panalibe. Chomwe amachita ndi kusintha kaonekedwe ka kuluza kwanu, kuti kukhale kwakung'ono kobwera kawirikawiri m'malo mwa kwakukulu kobwera mwa apo ndi apo. Kwa munthu wa akaunti yaing'ono kusinthaku n'kofunika, chifukwa kumamusunga pamsika.

Pa kaikidwe ka oda yotulukira pali msampha. Oda ya `Stop`, yomwe imakutulutsani yokha mtengo ukafika pomwe mwaika, ikaikidwa pa mtengo wa kondo yonse imatha kuphulika pachabe. M'mphindi zoyamba msika ukatsegulidwa, mitengo ya miyendo inayi imakhala yotalikirana, ndipo kompyuta ikhoza kuona 2.40 pomwe mtengo weniweni ndi 1.90. Zinandichitikirapo ndikuyamba kumene: ndinapeza ndatulutsidwa m'mawa pa mtengo woipa, sheya isanasunthe ndi komwe. Kuchokera pamenepo ndimaika chenjezo pa mtengo wa sheya yeniyeniyo, pa 109 ndi pa 91. Likalira ndimayang'ana ndekha, ndi kutseka ndi `Limit`.

Mudzamvanso za kukonza kondo m'malo motuluka. Njira yofala ndi kusuntha mbali yomwe sinavutike. Sheya ili pa 109, mumatseka maputi a 90 ndi 85 pa 0.08, n'kugulitsa atsopano a 100 ndi 95 pa 0.58. Mwaonjezera 0.50. Pulimiyamu yonse yafika 1.70, kuluza kwakukulu kwatsika kufika 330. Zikumveka bwino. Koma mpata wanu, womwe unali madola 20, tsopano ndi 10 okha, kuchokera 100 kufika 110. Sheya ikangobwerera pa 100 pomwe inayambira, chinthu chomwe mumachipempherera, ikuyamba kukulumani mbali inayo. Pa sheya yoyenda uku ndi uku ngati yanuyo, kubwerera koteroko ndi khalidwe lake. Kukonza kumeneku sindikuletsa, koma ndimakulola kamodzi kokha. Chomwe ndimakana kwathunthu ndi kugulitsa phiko la mbali yovutikayo pofuna kutolera phindu lake, kapena kuonjezera makontirakiti kuti mubweze zotayika. Choyambacho chimachotsa denga, chachiwiricho chimachulukitsa 380 ija.

Chitseko chachitatu ndi cha nthawi, ndipo ndi chomwe chimayankha funso lanu la malire. Kukatsala masiku 21, ndimatseka kondo iliyonse yomwe sinafike pa zitseko zina ziwirizo, kaya ili ndi phindu la 30 kaya yaluza 40. Nambala 21 si yopatulika, ena amatenga 14. Chofunika ndi kusalowa m'sabata yomaliza. Onani chifukwa chake. Kutatsala masiku 30, sheya itachoka pa 109 kufika 113, kondo inachoka pa 1.80 kufika 2.50, kusintha kwa 0.70. Tsopano tinene kwatsala masiku awiri okha ndipo sheya ili pa 109 yomweyo. Kondo ili pafupi ndi 0.55, mukuoneka wopindula. Mawa lake sheya yafika 113, kondo yafika pafupi ndi 2.90. Mayendedwe omwewo a madola 4 akudyani 2.35, kuposa katatu poyerekeza ndi poyamba. Akatswiri amachitcha gama chimenechi: tsiku lotha likamayandikira, opushoni yomwe ili pafupi ndi mtengo wa sheya imasintha mwachangu kwambiri, pamene phiko lakutali limakhala litafota, silikuthandizaninso kufewetsa nkhonya.

Ndipo pa tsiku lomalizalo ndi pomwe malire a 380 amatha kuthyoka. Tinene Lachisanu sheya yatseka pa 112. Kolo ya 110 yomwe munagulitsa ili m'ndalama. Pa misika ya ku America, bungwe la OCC, lomwe limayendetsa kukwaniritsa mapanganowa, limagwiritsa ntchito lokha opushoni iliyonse yomwe yathera m'ndalama ndi senti imodzi kapena kuposa, pokhapokha mwini wake atakana. Choncho mwagulitsa masheya 100 pa 110, masheya omwe mulibe. Kolo yanu ya 115 yathera kunja kwa ndalama, yafa. Lolemba m'mawa mukudzuka muli ndi ngongole ya masheya 100, a mtengo woposa madola 11,000, opanda chotchinga chilichonse. Ngati kumapeto kwa sabatayo kwatuluka nkhani yabwino ya kampaniyo ndipo sheya yatsegulira pa 120, kuwagulanso kukudyani madola 1,000. Chotsanipo 120 ija, mwaluza 880. Pepala linati 380.

Ngakhale sheya itatseka pa 109.90, musapume. Mwini opushoni ali ndi nthawi ina msika utatseka, yofika cha m'ma 5:30 madzulo nthawi ya ku New York, yoti auze buloka wake kuti akugwiritsa ntchito ufulu wake. Sheya ikadumpha kufika 113 pa malonda a madzulo, adzatero, ndipo inu mudzadziwa mochedwa, nthawi yogwiritsa ntchito phiko lanu itapita. Pofuna kupulumutsa 0.05 yotsekera, anthu amalowa m'mavuto amenewa.

Palinso kukakamizidwa kukwaniritsa pangano tsiku lisanakwane. Maopushoni a masheya ku America angagwiritsidwe ntchito tsiku lililonse. Zimachitika kwambiri pa kolo yomwe ili m'ndalama, tsiku loti sheya iyambe kugulitsidwa yopanda dividendi, gawo la phindu lomwe kampani imapatsa eni masheya, likakhala mawa lake, makamaka ngati dividendiyo ikuposa gawo la mtengo wa opushoni lomwe likuimira nthawi yotsala. Zikakuchitikirani, phiko lanu likadalipo, ndiye malire akadagwira, ngakhale dividendiyo mudzailipira ndinu. Musachite mantha, koma musagonerenso. Gulani masheyawo ndi kugulitsa kolo ya 115 pa oda imodzi tsiku lomwelo, poti buloka adzafuna chikole chachikulu pa masheya a ngongolewo ndipo akhoza kukutsekerani yekha pa mtengo womwe simunasankhe. Musanamange kondo, onani tsiku la dividendi monga momwe mwaonera tsiku la zotsatira.

Mavuto awiri omalizawa sapezeka pa maopushoni a SPX, omwe amatsatira S&P 500 ndipo amagulitsidwa pa msika wa Cboe. Amenewo sagwiritsidwa ntchito tsiku lisanakwane, ndipo pomaliza amalipirana ndalama, palibe masheya osinthana manja. Kondo ya SPX ikasungidwa mpaka kumapeto, kuluza kwake kumathera pa nambala ya papepala. A SPY, thumba la masheya lomwe limagulitsidwa ngati sheya imodzi, ngakhale amatsatira S&P 500 yomweyo, ali ngati a sheya yanu: amatha kugwiritsidwa ntchito nthawi iliyonse, amapereka masheya enieni, ndipo ali ndi dividendi kanayi pachaka. Koma gama uja amaluma konsekonse, ndipo SPX ndi yaikulu pafupifupi kakhumi kuposa SPY, kotero mapiko oyenerana nayo amafuna chikole chokulirapo.

Pa sheya yanuyo, musanakanikize batani, lembani mzere umodzi pamalo pomwe mudzauona: ndalandira 1.20, ndigulanso pa 0.60, ndithawa pa 2.40 kapena ikatseka kunja kwa 90 ndi 110, ndipo tsiku lakutilakuti, kutatsala masiku 21, nditseka zivute zitani. Tsikulo lilembeni ndi deti lake lenileni pa kalendala. Oda ya 0.60 iikeni pompo, machenjezo a 91 ndi 109 nawonso pompo. Kondo zisanu kapena khumi zoyambirira zichiteni ndi kontirakiti imodzi, ndipo pa iliyonse muzilemba `IV` ya tsiku lolowa pambali pa mayendedwe omwe sheya inachitadi m'masiku omwe munali mkati. Mukadzaona kuti mayendedwe enieniwo akufanana kapena kuposa omwe munalipidwa, sheyayo si ya kondo, ngakhale tchati chake chikuoneka chofatsa chotani.